Andipatsa mphindi 10 kuti ndiyankhule za abambo osanena zakukhosi, ndinene chani?

"Zikomo achimwene. Ine ndi mlembi wa komiti ya chitukuko kwathu kuno ku Ntcheu. Mwezi wathawu tinaika mnzathu amene anadzipha, palibe ndi mmodzi yemwe amadziwa kuti akuvutika. Agulupu andiuza kuti pa msonkhano wa Loweruka likubwerali ndiyankhuleko chifukwa chake azibambofe sitinena zimene zikutiwawa mumtima. Andipatsa mphindi 10 basi. Ndiyambire pati, ndipo ndinene chani kuti anthu asandiseke?"

Pepani kaye ndi zovutazo achimwene. Ine ntchito yanga ndi ya unamwino wa matenda a maganizo, ndipo ndaimapo kambirimbiri pansi pa mtengo kuyankhula nkhani imeneyi, kwina zinayenda kwina ndinabwerako manja ali m'khosi, ndiye ndikuuzani zimene ndinaphunzira ndi manyazi anga omwe.

Choyamba chimene muyenera kuchotsa m'mutu ndi ganizo loti abambo sayankhula chifukwa ndi ouma mitu kapena alibe chisoni. Ulendo wanga woyamba ndinalakwitsa pomwepa, ndinaima nkunena kuti abambo vuto lanu ndi kudzikuza, amayi anaomba m'manja mpaka nthungululu, abambo anangoti zii, ena anayamba kunyamuka mmodzimmodzi ngati akupita kukataya madzi osabwereranso. Anzanga amene ndinali nawo anati sipichi inali bho, koma anthu amene ndinawatsatira kumeneko ndi omwe anathawawo. Bambo amene sakuyankhula nthawi zambiri anawerengera kale masamu ake, anaona kuti ndikanena ndiluza chakuti ndi chakuti ndipo chimene ndipindule palibe, ndiye anasankha kutseka pakamwa. Masamu amenewo si a uchitsiru ayi, pena amakhala oona ndithu. Ntchito ya mawu anu Lowerukalo ndi kuwatchula masamuwo poyera, kuti bambo aliyense amene wakhala panjerwa kumbuyoko anene chamumtima kuti aaa mkuluyu akundidziwa, kenako nkuwaonetsa pamene mtengo wa kuyankhula ungatsike.

Ndiye tiyeni tione kaye chimene bambo amaluza akayankhula, chifukwa mukachimvetsa ichi mawu abwera okha.

Chachikulu ndi ulemu wa pakhomo. Kwathu kuno mwamuna amayezedwa ndi zimene wabweretsa: thumba la feteleza, fizi ya mwana, ndiwo, malata. Ndiye mukafufuza bwino mavuto amene amawadya abambo mkati, ambiri amayambira pa ndalama, ndipo kunena kuti "ndili ndi nkhawa" kwa iye ndi chimodzimodzi kunena kuti "ndalephera ubambo". Kumbukirani kuti ndalama ya kwacha inagwetsedwa mphamvu ndi 25 peresenti mu Meyi 2022, nkudzagwetsedwanso ndi 44 peresenti mu Novembala 2023, mitengo ya zinthu inakwera koma sikelo yoyezera mwamuna sinasinthe, akuyembekezekabe kubweretsa zomwezija. Mfundo imeneyi abambo amaikonda mukainena chifukwa imawachotsera mlandu, imawauza kuti si iwe wekha ndipo si ulesi wako. Ndipo kwanu ku Ntcheuko kumene ambiri ali pachikamwini pali chinanso chowonjezera. Munda ndi wa kuchikazi, anthu omuzungulira ndi alamu ake ndi apongozi, abale ake enieni ali mudzi wina. Akadandaulire ndani? Akauza mlamu wake kuti zandivuta, madzulo nkhani ili kwa mwinimbumba, ndipo mantha ake ndi oti anthu ayamba kunena kuti mkamwini uyu watha ntchito. Sindikunena kuti chikamwini ndi choipa ayi, ndipo musakayerekeze kunena zimenezo pamaso pa agulupu, ndikungoti mwamuna wa pachikamwini nthawi zambiri amakhala pakati pa anthu ambiri koma wopanda wake womuuza.

Chachiwiri ndi chinsinsi, ndipo ichi anthu ophunzitsa za uphungu amachidumpha kwambiri. Bambo aliyense ali ndi nkhani imene anauzapo munthu mmodzi nkudzaimva ikukambidwa pachigayo kapena pamowa. Ena anauza akazi awo usiku mwachikondi, patapita miyezi itatu pa mkangano wa ndiwo mawu omwe aja nkubwera ngati chida, "si paja munkalira inu". Ena anauza mnzawo, mnzawoyo ataledzera nkusandutsa nthabwala. Munthu wotere mukamuuza kuti "abambo masukani, yankhulani" amangokuyang'anani, chifukwa anayesapo kale ndipo zinamuotcha. Ndiye theka la sipichi yanu lisapite kwa amene sakuyankhula, lipite kwa amene amamvetsera. Mudzi umene sutha kusunga chinsinsi usadabwe abambo ake akamafa ndi nkhani m'mimba.

Chachitatu ndi maphunziro amene tonse tinadutsamo. Mwana wamwamuna akagwa timati dzuka, mwamuna salira. Kumene anyamata amapita kukakula, kaya ndi kudambwe kaya ndi kujando, kupirira ndi kusunga pakamwa ndi maphunziro akuluakulu, ndipo ali ndi ntchito yake, munthu wosapirira sangalime dimba kapena kupalasa kabaza tsiku lonse. Taonani pamaliro mmene timakhalira: amayi ali m'nyumba ya siwa akulira mokweza, akugwirana, abambo tili panja pamoto, ena ali kumanda ndi makasu, bambo amene wataya mwana wake weniweni timamukhazika pampando nkumuuza kuti limbani mtima, iye nkumalandira anthu ndi kuwerengera za bokosi ndi ufa. Mayi walira masiku atatu ndi anzake, bambo chisoni chake wapita nacho kunyumba chosatsegula. Chitsanzo cha pamalirochi ndi champhamvu kuposa chilichonse chimene mungawerenge m'buku chifukwa aliyense pamsonkhanopo anachiona ndi maso mwezi wathawu.

Pali chinanso chimene ndimachiona tsiku ndi tsiku kuchipatala: abambo ambiri si kuti akubisa, koma kuti mawu ake alibe. Munthu amene kwa zaka 40 sanafunsidwepo kuti mumtima muli bwanji, ukamufunsa amakuuza za thupi. Amabwera akuti mutu ukundiwawa kumbuyoku, mtima ukuthamanga, thupi lonse kuphwanya, tulo sindikupeza, mwina ndi BP kapena malungo. Timayeza malungo palibe, BP ili bwinobwino, amapita ndi panado, sabata ziwiri wabweranso. Ukamukhazika pansi nkufunsa kuti kodi usiku mukadzuka mumaganiza chani, ndi pamene ngongole imatuluka. Kunyumba nako chisoni cha bambo sichioneka ngati misozi kawirikawiri, chimaoneka ngati ukali, kukalipira ana pa zinthu zazing'ono, kumwa kwambiri kuposa kale, kusiya kupita kutchalitchi kapena kubawo, kukhala yekha kuseri kwa nyumba. Anthu amati bambowa asintha, ayamba nkhanza, ayamba uchidakwa, osadziwa kuti akuona matenda. Apa ndichenjeze, ndipo inunso mukachenjeze: kumvetsa kumene ukali ukuchokera sikutanthauza kuti kumenya mkazi kapena ana kwakhululukidwa, ameneyo ndi mlandu ndithu ndipo amayi akumva akuyenera kumva inu mukunena zimenezo, apo ayi muwataya.

Tsopano sipichi yeniyeniyo. Mphindi 10 ndi zochepa, ndipo pa msonkhano wa kumudzi mphindi imodzi yathera kale kupereka ulemu kwa agulupu, mafumu, abusa ndi akuluakulu, ndiye mwatsala ndi 9. Musatenge mfundo zonse ndalembazi, sankhani ziwiri kapena zitatu zimene zikugwirizana ndi kwanuko. Musayambe ndi chiwerengero, musayambe ndi mawu achizungu ngati dipuresheni kapena sitiresi, ndipo chonde musayambe ndi dzina la malemu. Yambani ndi munthu wongopeka amene aliyense angamuzindikire koma palibe angamuloze chala, ndipo nenani poyera kuti ndi wongopeka, apo ayi anthu ayamba kuyang'anana kufuna kudziwa kuti mukunena ndani. Ine ndikanakhala inu ndikanayankhula chonchi, musinthe mawu kuti akhale a pakamwa panu:

"Ndikufuna ndikuuzeni za bambo wina, si wa mudzi uno, ndangomupeka, koma mukamumva mundiuze ngati simunakumanepo naye. Bamboyu anakongola K200,000 kwa wakatapila kuti agule feteleza, kubweza kwake K300,000 akakolola. Mvula inadula, chimanga sichinachite bwino. Anagulitsa mbuzi nkubweza K100,000, yotsalayo ikungobereka. Akazi ake akudziwa za feteleza koma za katapila sakudziwa. Usiku amadzuka cha m'ma 2 koloko, tulo osabweranso mpaka tambala. M'mawa mukakumana naye panjira mumati mwadzuka bwanji, iye amati tadzuka kaya inu. Wanama? Sananame, wadzuka ndithu. Koma ndi angati mwa ife amene tikanafunsa funso lachiwiri?"

Apa imani kaye. Werengani chamumtima mpaka 5, musaope chete ameneyo, ndi pamene mawu akulowa. Kenako pitirizani:

"Bamboyu sakunena chifukwa chani? Si wopusa. Akudziwa kuti akauza akazi ake mwina mawa zidzatuluka pa mkangano. Akauza mnzake pamowa, mawa ndi nthabwala. Akauza alamu ake, aziti mkamwini walephera. Ndipo kuyambira ali mwana tinamuuza tokha kuti mwamuna salira, ndiye iye akungochita zimene tinamuphunzitsa. Koma makolo omwewo anatiuzanso kuti mutu umodzi susenza denga. Denga la nyumba timaitana anzathu kudzakweza, palibe amati ndiwe wofooka chifukwa waitana anthu. Nanga denga la ngongole, la matenda, la banja limene likugwedezeka, bwanji timafuna munthu alisenze yekha?"

Mwambi umenewu ndimaukonda pa nkhaniyi chifukwa sukulimbana ndi chikhalidwe, mukutenga mawu a makolo kuyankha mawu a makolo, ndipo mkulu aliyense amene amafuna kukutsutsani kuti izi ndi zachizungu amasowa poyambira. Koma mwambi umodzi ndi wokwanira, ena amathira miyambi isanu motsatizana mpaka anthu kuiwala nkhani.

Ndiye pali chinthu chimodzi chimene chimasintha msonkhano wonse ngati mungachikwanitse, ndi kunena kanthu kanu inuyo. Sikuti muulule zonse ayi, ziganizo ziwiri basi, zoona, za nkhani imene inatha kale ndipo simukuchita nayo manyazi. Mwachitsanzo chaka chimene munasowa fizi ya mwana nkukhala sabata zingapo osagona, ndi munthu amene munamuuza. Abambo samasuka chifukwa auzidwa kuti amasuke, amamasuka akaona mwamuna mnzawo amene amamulemekeza wanena ndipo thambo silinagwe. Zakusekedwa mukuopazo, kuseka kudzakhalapo ndithu, makamaka kwa anyamata akumbuyo, ndipo wina adzaponya mawu ngati "amenewo anadya khuzumule". Musakwiye, sekani nawo pang'ono nkunena kuti ee tisekeko, koma tonse tikudziwa kumene tinali mwezi watha. Kuseka kwa pa nkhani ngati iyi nthawi zambiri ndi kwa munthu amene yamukhudza, kwa ine, amene amaseka kwambiri ndi amene amadzanditsatira pambuyo ndikamakwera njinga.

Gawo la amayi likhale lalifupi koma lisasowe, ndipo lisakhale lowaimba mlandu. Mungati: amayi, bambo akakuuzani chinthu usiku, chimenecho si chida cha pa mkangano wa mawa, mukachigwiritsa ntchito kamodzi mwatseka chitseko zaka khumi. Ndipo kwa abambo: mnzako akakuuza zakukhosi sizipita kumowa. Mukatero mwagawa udindo mofanana, palibe mbali imene ikumva ngati yaitanidwa kubwalo la milandu.

Mphindi zitatu zomaliza zipite ku zochita, chifukwa sipichi yongofotokoza chifukwa chake abambo sayankhula, yopanda chochita, imangowawitsa anthu mitima nkubalalika. Apa aphunzitseni funso lachiwiri lija. "Muli bwanji" ndi moni, si funso, yankho lake ndi "tilipo" ngakhale munthu akufa. Funso limene limatsegula bambo limakhala la chinthu chogwirika ndipo limayamba ndi zimene waona: "Aise, sabata ziwiri tsopano sukubwera kubawo, tulo ukupeza?" Funso la tulo ndi kiyi weniweni, palibe mwamuna amachita manyazi kunena kuti sakugona, ndipo akangoti ayi mumafunsa kuti chikukudzutsa ndi chani. Malo akenso ndi ofunika. Bambo samasuka mutamukhazika pampando maso ndi maso ngati kupolisi, amamasuka muli phewa ndi phewa manja ali pa ntchito, mukupita kudimba, mukukonza njinga, mukuumba njerwa, muli awiri basi. Ndipo akayamba kunena, tsekani pakamwa. Matenda athu amuna ndi kuthamangira kupereka nzeru, munthu wangonena chiganizo chimodzi ife tayamba kale "ungogulitsa njingayo" kapena "ena akuvutika kuposa iwe" kapena "ingopemphera". Pemphero ndi labwino, ine ndemwe ndimapemphera, koma likabwera munthu asanamalize kulankhula limamveka ngati mukumutseka pakamwa.

Bambo wa katapila uja, titamutsatira mpaka kumapeto, thandizo lake silikhala mawu okoma okha. Akanena, mnzakeyo amakhala naye pansi nkulemba papepala kuti ngongole yeniyeni ndi zingati, chifukwa ngongole ya usiku wa 2 koloko imakula kuposa ya papepala. Kenako amasankha chinthu chimodzi chotheka sabata imeneyo, mwina kupita limodzi kwa wakatapila pamodzi ndi mboni kapena amfumu kukapempha kuti chiwongoladzanja chiime ndipo azibweza pang'onopang'ono, mwina kupeza nkhoswe kuti akhalepo pouza akazi ake. Ngongole sinathe, koma munthu uja tsopano sali yekha ndipo ali ndi chochita mawa m'mawa, ndipo zimenezi zimatsitsa ngozi kwambiri. Njira imeneyi yomvetsera kenako nkuthandiza munthu kusankha vuto limodzi ndi sitepe imodzi ndi imene anzathu a ku Zimbabwe anaikonza bwino mu pulogalamu ya Friendship Bench, imene anayambitsa dokotala wa matenda a maganizo Dixon Chibanda ku Harare, kumene agogo aakazi ophunzitsidwa amakhala pa benchi panja pa chipatala kumvetsera anthu. Iwo vutoli amalitchula kuti kufungisisa, ndiye kuganiza kwambiri kwathu komweku. Ndikutchula izi kuti muone kuti womvetsera safunika digiri, koma pamsonkhanopo simukuyenera kuzinena ngati nthawi yachepa.

Koma pali malire, ndipo awa muwanene momveka bwino. Munthu akakhala wokhumudwa pafupifupi tsiku lililonse kwa sabata ziwiri kapena kuposa, zinthu zimene ankazikonda sizikumukomanso, sakudya, sakugona, ntchito yamukanika, amenewo ndi matenda ndipo ali ndi thandizo kuchipatala ngati mmene alili shuga kapena BP. Poyambira ndi kwa mlangizi wa zaumoyo wa m'dera lanu kapena pachipatala chaching'ono, iwo amatumiza kuchipatala cha boma kumene kumakhala anamwino kapena madokotala a matenda a maganizo. Anthu akangomva za maganizo amaganiza za ku Zomba Mental Hospital ndi unyolo, ndiye auzeni kuti ambiri amathandizidwa nkubwerera kunyumba tsiku lomwelo, ku Zomba kapena ku St John of God ku Mzuzu ndi ku Lilongwe kumapita ochepa amene afunika chisamaliro chapadera. Amene apatsidwa mankhwala adziwe kuti sagwira tsiku limodzi ngati panado, amatenga sabata zingapo, ena amasiya msanga nkumati sakugwira. Ndipo bambo amene wakhala akumwa kachasu tsiku ndi tsiku kwa nthawi yaitali, amene m'mawa amanjenjemera mpaka atamwako, asasiye mwadzidzidzi payekha chifukwa akhoza kukomoka ndi kugwa ngati wakhunyu, apite kuchipatala amuthandize kusiya.

Zizindikiro zoti zafika poopsa ndi izi, ndipo ndikupemphani muzinene pang'onopang'ono: munthu akayamba kunena mawu ngati "mudzandikumbuka", "ana anga mudzawasamale", "bola kungochoka", akayamba kugawa katundu wake kapena kulongosola zinthu ngati wa paulendo, kapenanso amene anali wothedwa nzeru kwa nthawi yaitali nkungoti mwadzidzidzi phee wamtendere popanda chimene chasintha. Pamenepo mufunseni mosazungulira, "kodi ukuganiza zodzipha?" Anthu ambiri amaopa kuti ukafunsa ndiye wamupatsa nzeru, koma kafukufuku anaonetsa kuti kufunsa sikumuika munthu ganizolo, ambiri amapepukidwa kuti wina wazindikira. Akavomera musamusiye yekha, musamukalipire kapena kumulalikira za gehena, chotsani pafupi mankhwala a mbewu ndi a makoswe ndi china chilichonse choopsa mukasunge nyumba ina, ndipo mupite naye kuchipatala tsiku lomwelo. Chinsinsi chimathera pamenepa, ichi chokha ndi chimene suyenera kusunga, koma umauza anthu amene angathandize, osati mudzi wonse. Kuchotsa zinthu zoopsa kumaoneka ngati kopanda pake koma kumapulumutsa, chifukwa nthawi imene munthu amafika pachimake penipeni imakhala yaifupi, ikadutsa ambiri amabwerera.

Za malemu mnzanuyo samalani kwambiri, abale ake adzakhala pompo. Musafotokoze njira imene anadziphera, musatchule chifukwa chimodzi ngati kuti anafera ngongole kapena anafera mkazi, chifukwa kudzipha sikukhala ndi chifukwa chimodzi ndipo mukaloza chimodzi mwaloza munthu, kawirikawiri mkazi wamasiye amene anthu ayamba kale kumunena. Musamutche wamantha kapena wochimwa, komanso musamutamande ngati wapumula, chifukwa pagulupo pakhoza kukhala wina amene ali pamphepete akumvetsera kuti aone mmene anthu adzamunenere iye. Chabwino ndi kupita kwa anamfedwa Loweruka lisanafike, kuwauza kuti mudzayankhula nkhani yotere ndi kufunsa ngati akulola kuti mumutchule. Akakana, "mnzathu amene tinamutaya" ndi zokwanira. Ndipo mawu oti "tikanadziwa" muwagwire bwino, musasiye anthu akudziimba mlandu, nenani kuti palibe anatiphunzitsa zizindikirozi ndiye lero tikuphunzira.

Ngati mukufuna nambala imodzi yoti anthu adziwe kuti si za mudzi wanu wokha, bungwe la zaumoyo padziko lonse la WHO limati anthu oposa 700,000 amadzipha chaka chilichonse ndipo amuna ndi ochuluka kuposa kawiri akazi, ndipo kuno kwathu malipoti a apolisi nthawi zonse amaonetsa kuti ambiri mwa odzipha ndi amuna. Imodzi yomweyo basi, muiike pakati osati poyamba, manambala ambiri pansi pa mtengo amangouluka ndi mphepo.

Pomaliza penipeni musafunse kuti "alipo amene ali ndi vuto aimike dzanja", palibe adzaimike ndipo mudzatseka msonkhano ndi manyazi. Musanafike tsikulo pezani abambo awiri kapena atatu amene mudzi umawadziwa kuti sayenda ndi nkhani, osati kwenikweni a maudindo, mwina ndi mkulu wa mpingo, mwina ndi kalipentala chabe amene anthu amamukhulupirira, muwapemphe, ndipo akavomera muwatchule mayina pamsonkhanopo kuti awa mukhoza kuwapeza nthawi iliyonse ndipo zimene muwauze zithera pomwepo. Muitanenso mlangizi wa zaumoyo adzakhalepo kuti anthu amuone nkhope ndipo anene yekha masiku amene amapezeka. Mukatha kuyankhula musathamangire kunyumba, khalani pambali kanthawi ngati mukumanga kanthu panjinga, chifukwa amene akufuna kukuyankhulani sadzabwera anthu akuona, adzadikira gulu lichepe ndipo adzayamba ndi nkhani ina, mwina ya mpira kapena mtengo wa feteleza, kapena adzati "ndili ndi mnzanga wina amene zimene mumanena zija zikumuchitikira". Musamuumirize kuti mnzakeyo ndi ndani, ingofunsani kuti mnzanuyo tulo akupeza?

Yesererani kunyumba ndi wotchi kawiri, mokweza, chifukwa zimene zimaoneka ngati mphindi 5 papepala pakamwa zimakhala 12, ndipo agulupu akakudulani musanafike pa zizindikiro ndi mayina a anthu aja ndiye kuti mwataya gawo lofunika kwambiri. Ikatalika dulani za kugwa kwa kwacha ndi nambala ya WHO ija, za pamaliro ndi funso la tulo zisiyeni.